Zolakwa Zisanu za Dalaivala Watsopano: Kuyambira Chodya Ndalama Mpaka Chodya Moyo

Kabuku ka mabanja a kwa Njombwa ndi madera ozungulira

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zikayamba kulowa, mabanja ena kwa Njombwa amagula galimoto yawo yoyamba. Wina amagula pikapu, wina kalole ka matani awiri, wina Sienta yoti izinyamula anthu. Woyendetsa amakhala mwini wake, mwana wake kapena mphwake amene wangotenga laisensi kumene. Ndi nyengo yomweyinso pamene msewu wa M1 umadzaza malole a mabelo, ndipo dalaivala wa miyezi iwiri amayenda m'gulu la anthu amene akhala pa chiwongolero zaka makumi awiri.

Pafoni pamayenda timakanema towerenga zolakwa za madalaivala atsopano, kuyambira pa 5 kutsika mpaka pa 1. Tambiri timaika pamwamba cholakwa choseketsa kapena chochitika kawirikawiri, monga kuzimitsa galimoto ponyamuka. Koma galimoto ikazima pa siteji, munthu amangochita manyazi n'kuilizanso. M'kabuku kano tasanja zolakwazi pofunsa mafunso atatu. Kodi cholakwachi chimakuchenjezani chisanakupwetekeni? Chikachitika, muli ndi nthawi yaitali bwanji yokonzera? Nanga amene amalipira ndani, thumba lanu, okwera anu, kapena munthu amene amangodziyendera m'mbali mwa msewu? Cholakwa chochenjeza msanga ndiponso chodya ndalama zokha chili pa 5. Chosachenjeza, chosapereka mpata, chopweteka osalakwa, chili pa 1.

5. Kusewera ndi kilatchi ndiponso kutsetsereka pa fili

Dalaivala watsopano amaopa kuti galimoto imuzimira, ndiye phazi lamanzere salichotsa pa kilatchi. Amaganiza kuti langogona pamenepo, koma kulemera kwa phazi kokhako kumachititsa kuti mbale ya kilatchi isagwire kwathunthu. Imakhala ikukhulana ndi chitsulo cha injini ulendo wonse, n'kumatentha ndi kuperepeseka. Zimaipiratu mumchenga wa misewu ya kuminda, pamene munthu watitimira n'kumaponda moto kilatchi ili theka. Fungo lakupsa limene mumamva pamenepo ndi mbale ija.

Kilatchi yotha imadziwika. Muli pa giya 4, mukuyenda pang'onopang'ono, pondani moto. Injini ikalira kwambiri koma liwiro osakwera, mbale yayamba kuterera. Mankhwala ake ndi chizolowezi: mukasintha giya, phazi libwerere pansi. Pa chitunda imani ndi handibuleki, osati kugwiriza galimoto ndi kilatchi.

Mnzake wa cholakwachi ndi kuika galimoto pa fili potsetsereka, ati kusunga mafuta. Injini za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, pamene pa fili injini imamwabe kuti isazime. Choncho palibe chimene mwapulumutsa, koma mwataya thandizo la injini pochepetsa liwiro, ndipo ntchito yonse yatsalira mabuleki amene amatentha n'kufooka. Galimoto ya otomatiki nayonso isamaikidwe pa N ikuyenda. Kuzimitsa injini potsetsereka ndiye musayese n'komwe. Mukaponda buleki kamodzi kapena kawiri imauma gwa, chiwongolero chimalemera, ndipo pa galimoto zina chimatha kukhoma.

Cholakwachi chili pa 5 chifukwa nthawi zambiri chimachenjeza kwa masabata, ndipo mlandu wake umathera kwa makaniko.

4. Katundu wopyola muyezo pa matayala osayeza

Pikapu zambiri zimene timati za tani imodzi zimanyamula makilogalamu pafupifupi 1,000, ndipo muyezo umenewu umawerengera dalaivala ndi okwera omwe. Belo la fodya likakhala la makilogalamu 100, mabelo khumi adzaza kale galimoto munthu asanakwere. Matumba a feteleza a makilogalamu 50 akakwana 20, nkhani yatha. Koma chimene chimachitika n'choti pamwamba pa mabelo khumi pamakwera eni fodya atatu, njinga, ndi thumba la chimanga la kuchigayo.

Galimoto yolemedwa imadzionetsa. Kumbuyo kumakhala pansi, masipuling'i amawongoka, chiwongolero chimapepuka ngati matayala akutsogolo sakugwira bwino, ndipo usiku magetsi amaloza m'mwamba n'kumathobwa anzanu. Pa kona galimoto imapendama ndipo imachedwa kubwerera. Mabuleki nawo amatentha msanga chifukwa akuimitsa katundu amene sanawapangire.

Popakira, cholemera kwambiri chikhale pansi ndiponso pafupi ndi kabini, osati cha kuchitseko cha kumbuyo. Mangani ndi zingwe, ndipo mukatuluka mumsewu wafumbi kufika pa tala imani muzikungenso, chifukwa mabampu amakhwefula mfundo.

Tayala limaphulika kawirikawiri chifukwa cha mpweya wochepa pansi pa katundu wambiri. M'mbali mwake mumapindika pa kuzungulira kulikonse, mumatentha, mpaka nsambo za mkati zimalekana. Mpweya woyenera walembedwa pa kachikwangwani ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo pa galimoto zonyamula katundu nthawi zambiri pamakhala manambala awiri, ya galimoto yopanda kanthu ndi ya yodzaza. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji, osati pomenya ndi phazi. Pogula tayala la kaunjika, yang'anani manambala anayi a m'mbali mwake. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limatha kuoneka la mano abwino koma mphira wake utauma n'kuchita ming'alu. M'mizere ya tayala mulinso timabampu ting'onoting'ono: mano akafanana nato, atsala mamilimita 1.6 okha, ndipo tayalalo latha ntchito.

Likaphulika mukuyenda, musathamangire buleki. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, lozani kutsogolo, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, ndipo pondani buleki mofatsa liwiro likatsika.

Cholakwachi n'choopsa kuposa cha pa 5 chifukwa chimakhudza okwera. Sichinakwere kupitirira apa chifukwa mungachikonze muli pabwalo la pakhomo, injini isanalire.

3. Kuyenda kumchira kwa galimoto ina

Amene wangophunzira kumene amamva bwino akamatsatira galimoto ina pafupi, chifukwa wakutsogoloyo ndiye akumusankhira njira. Vuto n'loti munthu sachita chinthu nthawi yomweyo imene wachiona. Kuchokera pamene maso aona magetsi ofiira kufika pamene phazi lagwira buleki, pamadutsa sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Ngati mwasiya mpata wa galimoto ziwiri, mamita khumi, wakutsogolo akaponda buleki mwamphamvu mudzamugunda.

Pa M1 wakutsogolo amaima pa zifukwa zimene inu simukuziona. Minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Lole imazemba dzenje, ndipo inu amene mwaimamatira mumaliona dzenjelo mutalowamo kale.

Mpata uyezedwe ndi nthawi. Wakutsogolo akadutsa mtengo kapena chikwangwani, werengani mosafulumira kuti "Kasungu wani, Kasungu thuu, Kasungu fili." Mukafika pa mtengowo musanamalize, mwayandikira kwambiri. Masekondi atatu amenewa pa 80 ndi mamita pafupifupi 67. Mvula ikamagwa, kapena mukanyamula katundu, wirikizani kawiri. Mvula yoyamba ya Novembala ndiyo yoterera kwambiri pa tala, chifukwa imasakaniza fumbi ndi mafuta zimene zakhala zikuunjikana chilimwe chonse.

Mumsewu wafumbi lamulo lake ndi losavuta: ngati muli m'fumbi la mnzanu, mwayandikira. M'fumbi limenelo mutha kukhala wanjinga, ng'ombe, kapena galimoto yomweyo itaima. Bwererani m'mbuyo mpaka muziona msewu. Wina akakumamatirani inuyo, musathamange pomuthawa. Onjezani mpata wanu wakutsogolo, ndipo pamalo abwino mupatseni njira adutse.

2. Kupitirira lole popanda kuona mtunda wokwanira

Apa ndi pamene dalaivala amalowa dala mbali ya anthu obwera kutsogolo, ndipo maso amanama kwambiri. Galimoto imene ikubwera molunjika imaoneka ngati ili patali ndipo sikusuntha, mpaka itafika.

Tiwerengere limodzi. Mwachoka ku Chinkhoma kulowera ku Bua, ndipo kutsogolo kwanu kuli lole ya ngolo yotalika mamita 20, ikuyenda pa 60. Inu mukufuna kuidutsa pa 80. Kuti mudutse bwino muyenera kutseka mpata wa mamita 20 umene uli pakati panu, kudutsa lole yonse, kutulutsa galimoto yanu ya mamita asanu, ndi kusiya mamita ena 20 musanabwerere kumanzere. Onse pamodzi ndi mamita 65. Koma inu mukuposa loleyo ndi makilomita 20 okha pa ola, omwe ndi mamita osakwana sikisi pa sekondi. Ndiye kuti mukhala kumanja kwa msewu masekondi pafupifupi 12. Pa nthawi imeneyo muyenda mamita oposa 260, ndipo basi yobwera kutsogolo pa 80 iyendanso mamita omwewo kubwera kwa inu. Mukufunika kuona msewu wopanda kanthu wopitirira theka la kilomita. Pikapu yanu ikakhala ndi mabelo, imachedwa kukoka, ndipo mtundawo umatalikirako.

Dera lathu ndi lachigwa, ndipo msewu wowongoka umapusitsa. Pamene ukutsikira ku dambo n'kukweranso, galimoto yathunthu imatha kubisala m'kachigwa kamene simukukaona. Ngati pali chigawo cha tala chimene maso anu sakuchiona, muziyesa kuti muli basi.

Musapitirire pa mzere woyera wosadukiza, pa kona, pokwera chitunda, pa mlatho monga wa Bua, pa mphambano, kapena pakati pa malo a malonda. Musanatuluke, bwererani m'mbuyo pang'ono kuti muone bwino mbali ya lole, yang'anani pa galasi ngati wina sanayambe kale kukudutsani, yatsani indiketa, tsitsani giya kuti galimoto ikoke, kenako pitani mosazengereza. Mukakayika mphuno yanu isanafike pakati pa lole, pondani buleki mubwerere kumbuyo kwake. Palibe manyazi pamenepo.

Madalaivala a malole ena amayatsa indiketa yakumanzere pokuuzani kuti dutsani. Ndi ulemu, koma indiketa yomweyo ingatanthauze kuti akuima kapena akuzemba chinthu. Dutsani chifukwa mwaona nokha. Ndipo musatsatire galimoto imene yayamba kupitirira ngati mwamangiriridwa kwa iyo: mpata umene yaona ndi wokwana iyo yokha.

Cholakwachi chili pa 2 chifukwa galimoto ziwiri zikawombana maso ndi maso pa liwiro lotere, opulumuka amachepa. Sichili pa 1 chifukwa chimachitika pa mphindi imene mwasankha nokha, ndipo mungathe kuyenda kuchoka ku Kasungu kukafika ku Kanengo osapitirira lole ndi imodzi yomwe.

1. Liwiro loposa pamene maso akufika

Cholakwa chachikulu sichimveka ngati cholakwa. Chimabwera patapita miyezi ingapo, mantha atatha, dzanja litazolowera giya, anthu atayamba kunena kuti mwanayu wadziwa kuyendetsa. Galimoto za masiku ano sizigwedera pa 100, ndiye palibe chokuchenjezani. Ndipo liwiro ndilo limakulitsa zolakwa zina zonse zija: tayala lophulika pa 40 ndi nkhani ya jeke, lophulika pa 100 ndi nkhani ya maliro.

Chofunika kumvetsa n'chakuti mtunda woimira sukula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa buleki umawirikiza kanayi. Tiyerekeze tala wouma, mabuleki abwino, matayala abwino, ndi dalaivala amene akutenga sekondi imodzi ndi theka kuti aponde buleki. Pa 50, galimoto imayenda mamita 21 asanaponde ndi ena 14 ataponda, onse 35. Pa 80 ndi mamita 33 kuphatikiza 35, pafupifupi 70. Pa 100 ndi mamita pafupifupi 100, kutalika kwa bwalo la mpira kuchoka pa golo kufika pa golo.

Tsopano tifike pa Chinkhoma tsiku la msika. Malole aima m'mbali, amayi akugulitsa mbatata ndi nzimbe, akabaza akudikira okwera. Mwana watulukira kuseri kwa lole, mamita 40 kutsogolo kwanu. Mukakhala pa 50, muima patatsala mamita asanu. Mukakhala pa 60, simuima: mumugunda mukadali pa liwiro la pafupifupi 30. Mukakhala pa 80, mamita 33 atha phazi lisanagwire buleki, otsala ndi asanu ndi awiri okha, ndipo mumugunda pa liwiro loposa 70. Dalaivala ndi yemweyo, maso ndi omwewo, buleki waponda mofanana. Chasiyana ndi nambala imene inali pa wotchi ya liwiro asanaone mwanayo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwayi woti woyenda pansi afe akagundidwa umakula kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. Chikwangwani cha 50 polowa pa malo a malonda chinaikidwa chifukwa cha masamu amenewa, osati kuti apolisi apeze pogwirira anthu.

Usiku nkhani ndi yomweyi. Magetsi a dimu amaonetsa bwino mamita pafupifupi 40 kapena 50, ndipo munthu wovala zakuda amaoneka pafupi kuposa pamenepo. Ngolo ya ng'ombe yochokera kumunda ilibe nyali. Njinga yonyamula makala nthawi zambiri ilibe ngakhale kagalasi konyezimira. Lole yowonongeka imatha kuima pa tala, chizindikiro chake n'kukhala nthambi za mitengo zoyala mumsewu. Mukayenda pa 80 ndi magetsi a dimu, mukufunika mamita 70 kuti muime pamene mukuona 50. Chilichonse chimene chili mumsewu mudzachiona mochedwa. Choncho nthawi iliyonse imene mwatsitsa magetsi popatsana ndi galimoto ina, tsitsaninso liwiro, ndipo maso aloze m'mphepete mwa tala kumanzere, kumene kumakhala anjinga ndi oyenda pansi.

Mumsewu wafumbi matayala sagwira ngati pa tala. Pa mabampu ang'onoang'ono ondondozana aja, tayala limadumphadumpha, ndipo likakhala m'mwamba buleki ndi chiwongolero sizigwira ntchito. Pa matope a katondo nthawi ya dzinja galimoto imatha kutembenuka ngakhale pa 40. Chepetsani liwiro musanalowe pa kona, osati muli pakati pake.

Lamulo limodzi limakwanira malo onsewa: yendani pa liwiro loti mutha kuima mkati mwa mtunda umene mukuuona kuti ndi wopanda kanthu.

Nanga mowa, foni ndi lamba?

Izi sitinaziike pa mndandanda chifukwa si zolakwa za kusazolowera. Munthu amazichita akudziwa, ndipo ndi milandu pa malamulo a pamsewu. Komabe zimalowa m'masamu omwe aja. Mowa ndi tulo zimatalikitsa sekondi ndi theka ija. Kuyang'ana pafoni masekondi atatu muli pa 80 ndi kuyenda mamita 67 osaona msewu. Lamba ndiye amene amatsala zina zonse zikalephera, ndipo wokhala kumbuyo wosamanga lamba amaponyedwa pa wakutsogolo. Okwera pamwamba pa katundu alibe chowagwira chilichonse.

Gawo la apakhomo

Zambiri mwa zolakwazi zimayambira pa zimene banja lalamula. Amene amati "onjezanipo matumba awiri okha" ndi mwini galimoto. Amene amachedwetsa ulendo mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kunena kuti tikafike kusanade, ndi apakhomo omwe. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, koma dalaivala wachinyamata sangakumbutse bambo ake kapena amalume ake mwambiwu ngati iwo ndiwo akumufulumizitsa. Banja ligwirizane zinthu izi galimoto isanayambe ntchito.

Lembani pa kabini chiwerengero cha mabelo ndi matumba chimene galimoto imanyamula, ndipo chisasinthe chifukwa cha amene wapempha.

Ulendo wa ku Lilongwe unyamuke m'mawa kuti kubwerera kukhale kukuwala. Pa miyezi yoyambirira dalaivala watsopano asayende usiku pa M1, ndipo maulendo ataliatali ayende ndi dalaivala wozolowera pambali pake.

Gulani geji ya mpweya ikhale m'galimoto. Matayala ayezedwe sabata iliyonse ndiponso tsiku lililonse lonyamula katundu wolemera, pamodzi ndi la sipeya.

Musamuimbire foni dalaivala kufunsa kuti wafika pati. Aziimba yekha akaima.

Pomaliza, chitani ichi tsiku limodzi, banja lonse lilipo. Pa msewu wa m'mudzi wopanda anthu, ikani mwala, muyeze mamita 35 n'kuika wina, kenako mamita 70 kuchokera pa mwala woyamba uja n'kuikanso wina. Sitepe imodzi yaitali ya munthu wamkulu ndi pafupifupi mita imodzi. Dalaivala aime pa mwala woyamba aone pamene galimoto ya pa 50 ndi ya pa 80 zimakaima. Ana nawonso aone, chifukwa iwo ndiwo amawoloka M1 popita kusukulu, ndipo ayenera kudziwa kuti galimoto imene yafika kale pa mwala wachiwiri ikuthamanga pa 80 singaime isanafike pa mwala wachitatu ngakhale dalaivala atawaona.